Banki yaikulu ikapanga ndalama zatsopano, zimakagwera m'manja mwa yani?

Munthu amene anali mu Harare muno mu 2008 safunika womuphunzitsa kuti ndalama zikachuluka mitengo imakwera. Boma lenilenilo linalengeza kuti mu Julayi chaka chimenecho mitengo inakwera ndi 231 miliyoni peresenti pa chaka, ndipo mu Januwale 2009 kunatuluka pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. N'chifukwa chake anthu ambiri kuno, kaya ku Mbare, ku Highfield kapena ku Mufakose, amadabwa akamva kuti m'miyezi yomweyo banki yaikulu ya ku Amereka inayamba kupanga ndalama zochuluka zedi, n'kupitiriza zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, koma buledi kumeneko osakwera mtengo modetsa nkhawa. Ena amati ndi chifukwa choti dola yawo imafunidwa padziko lonse. Zimenezo n'zoona ndipo zimawathandiza kwambiri, koma Japan ndi Britain anachitanso zomwezo kwa zaka zambiri popanda mitengo kulusa. Choncho yankho lili penanso.

Zimene anachitazo, zoti banki yaikulu izigula zikalata za ngongole pamsika ndi ndalama zatsopano, akatswiri amazitcha kwantitetivu izing'i, mwachidule QE. Inayamba ndi banki yaikulu ya Japan mu Malichi 2001. Federal Reserve, banki yaikulu ya ku Amereka, inayamba mu Novembala 2008, ndipo Bank of England inatsatira mu Malichi 2009. Onsewa anali atatsitsa chiwongoladzanja mpaka kufika pafupi ndi ziro, kapena anali pafupi kufikapo, koma chuma chili chigonere. Katundu wolembedwa m'mabuku a Federal Reserve anali wa madola pafupifupi 900 biliyoni mavuto a zachuma a mu 2008 asanayambe. Pofika Okutobala 2014, pamene analeka kugula, anali atafika pafupifupi 4.5 thililiyoni. Ndi kuchulukitsa kasanu kumeneko. Komabe pa zaka zambiri za nthawiyo mitengo ku Amereka inkakwera mochepera 2 peresenti pa chaka, imene ndi mlingo womwe banki yawo imafuna.

Kuti zimveke, tiyenera kusiyanitsa mitundu iwiri ya ndalama imene pakamwa timangoitchula ndi dzina limodzi. Pali ndalama zimene mabanki amasunga ku banki yaikulu. Banki iliyonse ili ndi akaunti kumeneko, ndipo ndi kudzera m'maakaunti amenewa mmene mabanki amalipirana okhaokha. Inu ndi ine sitingazigwire, sitingagulire ufa. Ndiye pali ndalama za anthu, zomwe ndi za m'thumba pamodzi ndi zimene zili m'maakaunti a anthu ndi makampani. Ku Amereka muyeso wotchuka wa ndalama za mtundu wachiwiriwu ndi M2. Zimene zimakankha mtengo wa tomato pa Mbare Musika ndi zachiwirizi, chifukwa ndi zimene wogula amatulutsa. Ndipo zambiri mwa izo sizichokera ku makina osindikizira ayi. Zimabadwa banki wamba ikapereka ngongole, n'kulemba chiwerengero mu akaunti ya wokongolayo, ndipo zimafa ngongoleyo ikabwezedwa.

Tiyeni titsatire kugula kumodzi mwatsatanetsatane, ndi manambala ongoyerekezera. Bungwe losunga ndalama za penshoni lili ndi zikalata za ngongole za boma za madola 100 miliyoni. Zikalatazi linazigula kalekale, boma linalandira kale ndalamazo n'kuzigwiritsa ntchito. Tsopano banki yaikulu ikubwera pamsika n'kugula zikalatazo. Polipira sitenga ndalama kwina kulikonse. Imangowonjezera 100 miliyoni mu akaunti ya banki imene bungwe la penshonilo limasungitsako ndalama, ndipo bankiyo nayo imalemba 100 miliyoni mu akaunti ya bungwelo. Ndalama zatsopano zabadwa ndithu, palibe chobisa. Koma taonani amene wazilandira. Bungwe la penshoni silinalemere ngakhale pang'ono. Dzulo linali ndi zikalata za 100 miliyoni, lero lili ndi 100 miliyoni mu akaunti. Silipita kukagula mafuta ophikira kapena simenti. Limafunafuna pena poika ndalamazo kuti zibereke, monga masheya a makampani, zikalata za ngongole za makampani, kapena nyumba zamalonda.

Apa ndi pamene QE imagwirira ntchito yake yeniyeni. Wogula wamkulu chonchi akalowa pamsika, mtengo wa zikalata umakwera, ndipo mtengo ukakwera phindu lake limatsika. Chikalata chimene chimalipira madola 5 pa chaka, mukachigula pa 100 ndiye kuti mukupeza 5 peresenti. Chikakwera kufika pa 125, madola 5 omwewo angokhala 4 peresenti ya zimene mwalipira. Chiwongoladzanja cha ngongole zazitali, monga zogulira nyumba kapena zomangira fakitale, chimatsatira zikalata za boma, choncho nachonso chimatsika. Cholinga n'chakuti anthu ndi makampani akopeke, akongole, agule, alembe anthu ntchito. Njira yake ndi yaitali ndipo imadalira kuti pakhale wofuna kukongola.

Pambuyo pa 2008 wofuna kukongolayo anali wosowa. Mabanja a ku Amereka anali atamira m'ngongole za nyumba zimene mitengo yake inagwa, ndipo ankalimbana ndi kubweza. Mabanki nawo anali atapsa manja, ankaopa kukongoza. Kumbukirani kuti ngongole ikabwezedwa ndalama zimafa. Ndiye banki yaikulu inkathira uku, kubweza ngongole kukuchotsa uko. Kuwonjezera apo, kuyambira Okutobala 2008 Federal Reserve inayamba kulipira chiwongoladzanja pa ndalama zimene mabanki asiya kwa iyo, moti kuzisiya pomwepo sikunali kutaya. Zotsatira zake, ndalama za mabanki zija zinafufuma kupitirira madola 2.5 thililiyoni mu 2014, pamene M2 inkangokula pafupifupi 6 peresenti pa chaka, mofanana ndi zaka wamba. Zinali ngati madzi a m'damu la Chivero atadzaza mpaka m'mphepete pamene mipope ya m'makomboni ili youma. Kudzaza kwa damu sikunyowetsa khomo la munthu.

Sindikunena kuti QE inalibe mtengo wake. Mitengo inakwera ndithu, kungoti inakwera ya masheya ndi nyumba, ndipo opindula anali amene anali nazo kale. Wachinyamata wofuna nyumba yake yoyamba ku London anaona mtengo ukumuthawa. Ndimaona kuti imeneyi ndi mbali imene oikira kumbuyo QE amaidumpha mofulumira kwambiri.

Pali kawerengedwe kakale kamene kamathandiza kuika zonsezi pamodzi:

M × V = P × Y

M ndi kuchuluka kwa ndalama, V ndi liwiro limene ndalamazo zimasinthira manja pa chaka, P ndi mitengo, Y ndi kuchuluka kwa katundu ndi ntchito zimene dziko latulutsa. Yerekezerani kadziko kamene malonda ake onse ndi matumba 2,000 a chimanga pa chaka. Muli madola 1,000, ndipo dola iliyonse imasintha manja kanayi. Ndiye kuti pa chaka pagwiritsidwa ntchito 4,000, thumba lililonse likugulidwa madola 2. Tsopano ndalama ziwirikize kufika 2,000, koma anthu achite mantha ndi mawa, azisunga, dola izisintha manja kawiri kokha. Zogwiritsidwa ntchito zikadali 4,000, ndipo thumba likadali pa madola 2. Kenako tembenuzani. Ndalama zikhale 2,000 zomwezo, koma aliyense azithamangira kuzichotsa m'manja, liwiro lifike 8, komanso zokolola zigwe kufika matumba 1,000. Zogwiritsidwa ntchito ndi 16,000, matumba ndi 1,000, thumba lafika madola 16. Ndalama zangowirikiza kawiri, mtengo wawirikiza kasanu ndi katatu.

Kawerengedwe komalizako ndi ka kuno kwathu, ndipo mbali zonse zitatu zinaipa nthawi imodzi. Zotuluka m'dziko zinagwa. Fodya, amene ankabweretsa ndalama zakunja zambiri, anachoka pa makilogalamu oposa 230 miliyoni mu 2000 kufika ochepera 50 miliyoni mu 2008, minda yaikulu italandidwa n'kugawidwa. Ambiri mwa anthu athu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anali antchito a m'minda yomweyo, ndipo nkhaniyi akuidziwa ndi thupi lawo. Misonkho inachepa, obwereketsa akunja anatseka zitseko, koma boma linkafunabe kulipira. Banki yaikulu, pansi pa Gideon Gono amene anakhala bwanamkubwa wake kuyambira kumapeto kwa 2003, inayamba kugwira ntchito za boma yokha, monga kugula mathirakitala ndi zipangizo za ulimi, kupereka ngongole zotsika mtengo kwambiri, ndi kugula ndalama zakunja.

Kusiyana kwake ndi bungwe la penshoni lija n'kwakukulu. Kuno ndalama zatsopano sizinkasinthanitsidwa ndi chikalata chimene wina anali nacho kale. Zinali malipiro. Wozilandira anali wogulitsa katundu ku boma, wogwira ntchito m'boma, mlimi, kapena wamwayi amene wapeza ngongole yotsika. Onsewa ankazigwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Komanso banki yaikulu sinkatsala ndi kanthu kamene ingagulitse mawa kuti ibweze ndalamazo m'khola. Federal Reserve ikagula chikalata imakhala nacho, ndipo ikafuna ikhoza kuchigulitsa kapena kudikira kuti chikhwime, ndalamazo n'kuzifafaniza. Thirakitala imene yapita kumunda popanda wobweza ngongole sibwerera. Ndipo panalibe tsiku loleka, chifukwa chimene chinkalamula kuchuluka kwa ndalama sichinali mitengo ayi koma kusowa kwa boma.

Liwiro lija tinaliona ndi maso. Malipiro akalowa, munthu ankaima pamzere wa kubanki kuyambira mbandakucha, kutulutsa zochepa zimene ankaloledwa, n'kuthamangira kukagula chilichonse chosawola, kaya sopo, shuga kapena makandulo, apo ayi kupita kwa osintha ndalama pa Roadport kukagula randi. Mtengo wa m'mawa sunali wa madzulo. Pamene boma linalamula mu Juni 2007 kuti mitengo itsitsidwe mokakamiza, katundu anangosowa m'mashelefu n'kukapezeka kumsika wamdima. Kuchotsa maziro, atatu mu 2006, khumi mu 2008 ndi khumi ndi awiri mu 2009, sikunakhudze chilichonse mwa zoyambitsazi. Mitengo inaima pamene anthu ndi boma anasiyiratu dola ya Zimbabwe kumayambiriro kwa 2009 n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya ku Amereka ndi randi, zimene banki yathu singapange.

Komabe kwa ine phunziro lomveka bwino kwambiri si la 2008, koma la 2016 mpaka 2020, chifukwa nthawi imeneyo makina osindikizira analibe mbali yaikulu. Anthu ambiri amaloza chala mapepala a ndalama otchedwa mabondi amene anatuluka mu Novembala 2016. Koma mapepalawo anali ochepa, ankanenedwa kuti akutsamira pa ngongole ya madola 200 miliyoni yochokera ku banki ya Afreximbank. Vuto lalikulu linali losaoneka. Boma linkagwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene limatolera, kuphatikizapo pa ndondomeko ya ulimi ya Command Agriculture, ndipo mpatawo linkautseka pogulitsa zikalata za ngongole kwa mabanki a m'dziko ndiponso potapa ku banki yaikulu. Nduna ya zachuma Mthuli Ncube inanena mu Okutobala 2018 kuti ngongole ya boma ya m'dziko inachoka pa madola osakwana 300 miliyoni mu 2012 kufika 9.5 biliyoni, ndipo zimene boma linatapa ku banki yaikulu zinafika 2.3 biliyoni pamene malire a lamulo sankafika ngakhale 800 miliyoni.

Ndalama zonsezi zinkalowa m'maakaunti a anthu zitalembedwa kuti ndi madola a ku Amereka, chonsecho madola enieni oti aziimire kunalibe. Wokonza misewu akalipidwa 1 miliyoni mu akaunti, amafunika dizilo, phula ndi zitsulo za makina, ndipo zonsezi zimachokera kunja. Ku banki amuuza kuti adikire pamzere wa ndalama zakunja. Ndiye amapita pamsewu, n'kuvomera kulipira zambiri za mu akaunti kuti apeze dola yogwirika. Akabwera anzake khumi otero sabata yomweyo, mtengo wa pamsewu umalumpha. Mwini golosale ku Glen View, amene katundu wake amachokera ku Musina, amayang'ana mtengo wa pamsewuwo asanatsegule, chifukwa akagulitsa pa mtengo wa dzulo sadzatha kuodanso. N'chifukwa chake botolo limodzi la mafuta ophikira linayamba kukhala ndi mitengo itatu, wa dola yeniyeni, wa mabondi, ndi wa kuswaipa kapena kutumiza pafoni. Mu Seputembala 2018 mitengo inkakwera pafupifupi 5 peresenti pa chaka. Mwezi wotsatira, maakaunti a madola enieni atalekanitsidwa ndi enawo, inafika 20 peresenti. Mu Febuluwale 2019 boma linavomereza kuti za m'maakaunti ndi ndalama ina, dola ya RTGS, n'kuiyambitsa pa 2.5 pa dola imodzi ya ku Amereka. Pofika Julayi 2020 kukwera kwa mitengo kunapitirira 800 peresenti.

Ndiye kuno njira yochokera ku ndalama zatsopano kupita ku mitengo ndi yaifupi kwambiri, ndipo imadutsa pa kusintha ndalama. Dziko limene mafuta, mankhwala, feteleza ndi tirigu wambiri zimachokera kunja, komanso limene anthu ake ali ndi ndalama ina yothawirako, silipatsidwa nthawi. Achibale athu ku Malawi akudziwa mbali ya zimenezi. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafuta ndi shuga sinadikire.

Wina angaganize tsopano kuti QE ya mayiko olemera ilibe ngozi. Zaka za 2020 mpaka 2022 zinatsutsa zimenezo, ndipo mmene zinatsutsira zikugwirizana ndi zonse tanenazi. Mliri wa kolona utafika, Federal Reserve inagulanso, katundu wake n'kuchoka pa madola pafupifupi 4.2 thililiyoni kufika pafupi ndi 9 thililiyoni. Chosiyana chinali chakuti nthawi yomweyo boma linakongola zochuluka n'kuzipereka mwachindunji kwa anthu. Lamulo la Malichi 2020 linali la madola opitirira 2 thililiyoni ndipo akuluakulu ambiri analandira 1,200 aliyense. La Malichi 2021 linali la 1.9 thililiyoni, ndipo analandiranso 1,400. Boma likugulitsa zikalata uku, banki yaikulu ikugula zikalata pamsika uko. Ulendo uno ndalama zinafika m'maakaunti a mabanja, ndipo M2 inakula pafupifupi 25 peresenti m'chaka chimodzi. Poyamba mitengo sinasunthe chifukwa anthu anali otsekeredwa m'nyumba, liwiro lija litagwa. Atatsegulidwa anayamba kugula pamene mafakitale ndi madoko anali asanabwerere m'chimake, kenako nkhondo ya ku Ukraine mu Febuluwale 2022 inakweza mafuta ndi tirigu. Mu Juni 2022 mitengo ku Amereka inakwera 9.1 peresenti, ndipo ku Britain inafika 11.1 peresenti mu Okutobala.

Akatswiri akutsutsanabe kuti mbali yaikulu inali ya ndalama kapena ya kusowa kwa katundu. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zinalipo, ndipo amene ananyalanyaza kukula kwa M2 chifukwa choti zaka za pambuyo pa 2008 zinadutsa bwino analakwitsa. Anayang'ana kukula kwa mabuku a banki yaikulu n'kuiwala kufunsa kuti ulendo uno ndalamazo zagwera kwa yani. Koma taonaninso chimene chinatsatira. Federal Reserve inakweza chiwongoladzanja kuchoka pafupi ndi ziro mu Malichi 2022 kufika kupitirira 5 peresenti mu Julayi 2023, inayamba kuchepetsa zikalata zimene inali nazo, M2 inatsika, ndipo kukwera kwa mitengo kunabwerera cha pa 3 peresenti. Inatha kuchita zimenezi ngakhale zinakwezera boma lake mtengo wokongola. Mphamvu yokana imeneyi ndi imene banki yathu inalibe mu 2007 ndi mu 2018.

Kwa munthu wa kuno amene ali ndi kagolosale, kapena amene amasunga thumba la bungwe la maliro, funso lothandiza ndi lakuti angaone bwanji ngozi isanafike. Chiwerengero cha kukwera kwa mitengo chimabwera mochedwa, chimangotsimikiza zimene mwamva kale m'thumba. Zimene zimatsogola ndi zina. Banki yaikulu imafalitsa malipoti a kuchuluka kwa ndalama, ndipo chofunika ndi kuyerekeza kukula kwa ndalama za m'maakaunti za ndalama ya m'dziko ndi kukula kwa chuma. Ngati chuma chikukula 4 peresenti ndipo ndalama zikukula 10, kusiyanako n'kopirika. Ngati zikukula 60, kusiyanako kudzatulukira pena, ndipo kuno kumatulukira pamsewu. Muziyang'ananso mpata wa pakati pa mtengo wa ku banki ndi wa osintha ndalama, makamaka masabata amene boma lalipira omanga misewu kapena alimi amene apereka chimanga ndi tirigu. Chiwongoladzanja nacho chimanena zambiri. Chikakhala chotsika kuposa kukwera kwa mitengo, aliyense wokhoza kukongola amakongola ndalama ya m'dziko, kugula madola, n'kudzabweza ngongoleyo itafooka, ndipo ngongole iliyonse yotero ndi ndalama zatsopano. N'chifukwa chake mu Juni 2022 banki yaikulu inakweza chiwongoladzanja chake kufika 200 peresenti.

ZiG, ndalama yatsopano ya Zimbabwe, inayambitsidwa mu Epulo 2024 pa 13.56 pa dola imodzi, ndi lonjezo lakuti ikutsamira pa golide ndi ndalama zakunja zosungidwa. Lonjezo lotere limayesedwa ndi masamu osavuta. Ngati zosungidwazo zikukwanira ZiG zonse zimene zili kunja pa mtengo wolengezedwa, ndipo munthu wamba angathe kupita ku banki n'kusinthadi, mtengowo umagwira. Ngati ZiG za m'maakaunti zikukula mofulumira kuposa zosungidwazo, mtengo wa pamsewu umayamba kutalikira. Zimenezi zinachitika m'miyezi yochepa chabe, ndipo kumapeto kwa Seputembala 2024 banki yaikulu inatsitsa ZiG kufika cha pa 24 pa dola imodzi, n'kukweza chiwongoladzanja kuchoka pa 20 kufika pa 35 peresenti.